Kodi 24 ingapose 25? Masamu a chiwongola dzanja

Msika wa fodya wa Chinkhoma ku Kasungu ukatsegulidwa, ndalama za alimi zimalowa kubanki, ndipo ena amafuna kusungako zina kwa chaka chathunthu. Tiyerekeze kuti malume anu apatula K1,000,000. Banki yoyamba ikuti iwapatsa chiwongola dzanja cha 24 peresenti pachaka, chomawonjezeredwa miyezi itatu iliyonse. Yachiwiri ikuti 25 peresenti, kamodzi pakutha pa chaka. Akakufunsani poti ndinu a sukulu, muwauza chiyani?

Ine ndimati musathamangire 25. Nambala ziwirizi sizingafanizidwe mmene zililimu, chifukwa 24 uja ndi wongolembedwa, sakunena zonse zomwe ndalamayo ibereke.

Chaka chili ndi zigawo zinayi za miyezi itatuitatu, choncho banki yoyamba imagawa 24 panayi n'kumapereka 6 peresenti chigawo chilichonse. Miyezi itatu yoyamba ikatha, malume ali ndi K1,060,000. Apa ndiye pagona nkhani: m'chigawo chachiwiri 6 peresenti ija ikuwerengedwa pa K1,060,000, osati pa miliyoni yoyamba ija. Phindu nalonso layamba kubereka, ngati mbuzi yomwe ana ake ayamba kuswa. Ndalama ifika K1,123,600, kenako K1,191,016, ndipo chaka chikamatha ili pafupifupi K1,262,477.

Njira yachidule ndi iyi, pomwe r ndi chiwongola dzanja cholembedwa ndipo n ndi maulendo omwe chimawonjezeredwa pachaka:

```
(1 + r/n)^n - 1
(1 + 0.24/4)^4 - 1 = 0.2625
```

Ndiye kuti chiwongola dzanja chenicheni cha pachaka ndi pafupifupi 26.25 peresenti. Kubanki yachiwiri n ndi 1, motero 25 amakhalabe 25, ndipo malume angapeze K1,250,000. Banki yoyamba yapambana ndi K12,477. Sizambiri, komatu palibe angazisiye pansi.

Pomwe ophunzira ambiri amaterereka ndi kuiwala kugawa ndi 4. Mukalemba 1.24^4 mupeza phindu la 136 peresenti, ndipo yankho lotere likuyenera kukudabwitsani nthawi yomweyo. Yankho lolondola limaposa nambala yolembedwa ija pang'ono chabe. Likatuluka 24 yemweyo, dziwani kuti mwangochulukitsa 6 ndi 4.

Koma 26.25 uja ali ndi lamulo lake: phindu lizisiyidwa momwemo. Malume akamatapa K60,000 miyezi itatu iliyonse yolipirira aganyu, pachaka apeza K240,000 basi, ndipo banki yachiwiri ikhala yawaposa. Afunsenso za msonkho ndi ndalama zina zomwe banki imadula, chifukwa masamu athuwa sanaziwerengere.

Nanga akanakhala kuti akukatenga ngongole ya feteleza yobweza yonse pakutha pa chaka? Masamu ndi omwewo, koma zinthu zatembenuka: banki ya 24 peresenti ija ndi imene ingawadyere zambiri.