Kulembera kalata okulipirirani sukulu ndalama yodyera ikachepa mphamvu

Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya dziko lino idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi, imene inkagulidwa pafupifupi K1,180, idafika pa K1,700. Zimenezi zidachitika anthu asanaiwale n'komwe za Meyi 2022, pamene kwacha idagwanso ndi 25 peresenti. Ogulitsa adakweza mitengo m'mawa mwake, eni nyumba ku Chikanda ku Zomba ndi m'madera ena ozungulira mayunivesite adadikira mwezi kutha basi. Koma kwa ophunzira ambiri olipiriridwa ndi mabungwe, mipingo kapena makampani, ndalama yodyera idatsala pomwepo, monga idalembedwera m'kalata tsiku lomwe adasankhidwa.

Ambiri mwa ophunzirawa amangokhala chete. Amaopa kuti akakapempha zowonjezera aoneka osayamika, popeza anzawo ambirimbiri alibe ngakhale wowagulira kope. Ndiye amayamba kudya kamodzi patsiku, ena n'kugwera m'katapila. Ine ndikuti manthawo ndi osafunikira. Bungwe lomwe lakulipirirani zaka ziwiri silifuna kuti musiyire panjira m'chaka chachitatu, chifukwa ndalama zonse zomwe lidawononga zikhala zitapita m'madzi. Chomwe chimagwetsa mapempho ambiri ndi kalembedwe kake.

Kalata yongolira kuti zinthu zakwera, moyo wavuta, chonde ndithandizeni, akuluakulu a komiti amaiwerenga mwachifundo ndithu, koma amasowa pogwira. Kuti zinthu zakwera akudziwa kale, nawonso amagula kumsika womwewo. Iwo ayenera kukauza msungichuma, ndipo mwina ndi mwini ndalama amene ali kunja, kuti akuwonjezera zingati, kwa miyezi ingati, pa chifukwa chiti. Kalata yanu iwapatse mayankho atatu amenewo.

Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachitatu amene amagona kunja kwa sukulu. Pomusankha mu 2022, bungwe lidati lizimulipirira fizi ndi kumupatsa K60,000 pamwezi. Nthawi imeneyo inkakwana: K20,000 ya chipinda, K28,000 ya chakudya, K7,000 ya bandulo ndi fotokope, K5,000 ya sopo ndi makala. Pofika Febuluwale 2024 chipinda chomwecho chili pa K30,000, chakudya chomwecho pa K48,000, bandulo ndi fotokope pa K10,000, sopo ndi makala pa K8,000. Zonse pamodzi ndi K96,000, kutanthauza kuti mwezi uliwonse ikupelewera K36,000.

Taonani kuti pamndandanda wachiwiri sanaonjezerepo kanthu katsopano. Apa ndiye pagona nkhani. Akuonetsa kuti moyo ndi womwewo, nsima ndi ndiwo zomwezo, chasintha ndi mtengo wokha. Akangoikapo foni yatsopano, kapena kusamukira m'chipinda chokulirapo, komiti iyamba kukayikira mzere uliwonse. Chimodzimodzi ndalama yotumiza kumudzi. Ndikudziwa kuti ophunzira ambiri amapatulako pang'ono kutumizira amayi kapena kulipirira mng'ono wawo, ndipo palibe angawadzudzule. Koma thumba la maphunziro lidakhazikitsidwira wophunzirayo, kotero mzere umenewu ukhoza kugwetsa pempho lonse.

Kenaka mtsikanayu anene zomwe wachita yekha. Tinene kuti amaphunzitsa ana masamu Loweruka ndi Lamlungu n'kupezapo K10,000 pamwezi. Yopelewera yatsika kufika pa K26,000. Ngati kwatsala miyezi 8 kuti chaka cha maphunziro chithe, pempho lake ndi K208,000. Chiwerengero chimenechi chikhale m'ndime yoyamba yeniyeni, asachibise kumapeto chifukwa cha manyazi. Kalata zotere nthawi zambiri zimalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo yake ikhale yotere: "Ndikupempha kuti ndalama yanga yodyera ikwere ndi K26,000 pamwezi kuyambira Malichi mpaka Okutobala, zonse pamodzi K208,000, chifukwa lendi ndi chakudya zakwera kuchokera pamene mudandisankha mu 2022." Tsamba limodzi ndi lokwanira. Zina zonse zikhale mapepala omata kumbuyo.

Umboni ndiwo umavuta, poti eni nyumba ambiri sapereka malisiti, ndipo kumsika palibe amalemba kanthu ukagula bonya. Komabe njira zilipo. Ngati mumalipira lendi pa Airtel Money kapena Mpamba, mauthenga a pafoni aja ndi umboni: onetsani umodzi wakale ndi umodzi watsopano. Ngati mumalipira pamanja, pemphani alandilodi alembe mizere iwiri n'kusayina. Pa chakudya, ofesi ya boma yoona za chiwerengero ku Zomba imatulutsa mwezi ndi mwezi mmene mitengo ikukwerera, ndipo kumapeto kwa 2023 kukweraku kudapitirira 30 peresenti pachaka. Bungwe la Centre for Social Concern nalonso limalemba mitengo ya zinthu zofunika pakhomo m'mizinda yathu. Chiganizo chimodzi chotchula zimenezi chikwanira. Onjezeranipo zotsatira za mayeso anu aposachedwa, ndi kalata yochokera ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira yotsimikiza kuti mulibe malo m'hositelo. Ngati magiredi atsika, musabise, komiti idzawaonabe. Fotokozani mwachidule chomwe chidachitika.

Pali chinthu china chomwe ophunzira ambiri sachiganizira. Fufuzani ngati thumba lomwe limakuthandizani limalandira ndalama zake m'makwacha kapena m'ndalama zakunja. K60,000 ija inali pafupifupi madola 51 kwacha isanagwe mu Novembala 2023, ndipo itagwa idasanduka madola 35 okha. Bungwe lolandira madola likusintha madola ochepa tsopano kuti likupatseni K60,000 yomweyo, choncho mpata wowonjezera ukhoza kukhalapo, ndipo mungathe kutchula zimenezi mwaulemu popanda kuloza munthu chala. Koma ngati ndi mpingo wodalira chopereka kapena kampani ya konkuno, nawonso aphwanyika ngati inu. Kwa oterewa muwapatse pothawira: ngati K208,000 siyingatheke, alipire lendi yokha molunjika kwa mwini nyumba, kapena apereke thandizo la kamodzi.

Musanalembe chilichonse, werenganinso kalata imene adakupatsani pokusankhani. Ina imanena poyera kuti ndalama sidzasintha mpaka mutamaliza, ina imalola kuunikanso chaka ndi chaka, ndipo zambiri zimafuna kuti muulule thandizo lina lililonse lomwe mukulandira. Ngati mulinso ndi ngongole ya boma ya ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, ilembeni pamasamu anu. Akaitulukira okha mutabisa, mukhoza kutaya ndi chomwe munali nacho kale.

Nthawi yotumizira nayo ndi yofunika. Makomiti ambiri sakumana kawirikawiri, ndipo ndalama za chaka amagawiratu. Funsani mlembi wa bungwe kuti msonkhano wotsatira uliko liti, kalata ifike kudakali milungu ingapo. Ngati muli angapo olipiriridwa ndi bungwe limodzi, lembani kalata imodzi nonse, aliyense n'kumatapo masamu ake, chifukwa komiti siyivutika kukweza ndalama ya gulu lonse monga imavutikira kukondera munthu mmodzi.

Akakana, yankhani mothokoza, ndipo funsani ngati mungadzapemphenso pokonza bajeti ya chaka chamawa. Koma musadikire kuti alandilodi akhome loko pachitseko kapena kuti wakatapila akulandeni laputopu. Mwezi woyamba umene mwabwereka ndalama kuti mugule chakudya, tengani kope, lembani mitengo yakale ndi yatsopano, ndipo kalatayo ipite sabata yomweyo.