Chilembo cha Chibengali chomwe chimabisala mu kompyuta

Chibengali, chiyankhulo cha ku Bangladeshi ndi kum'mawa kwa Indiya, chili ndi chilembo ৎ chotchedwa khanda ta. Chimamveka ngati "t" wopanda "a" kumapeto, ndipo chimapezeka m'mawu odziwika ngati উৎসব, omwe tanthauzo lake ndi chikondwerero. Munthu akhoza kufufuza mawu amenewa m'nyuzipepala zosungidwa mu kompyuta n'kuuzidwa kuti mulibe, chonsecho akuwaona ndi maso ake.

Gwero la vutoli ndi lakuti kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati nambala, motsatira ndondomeko ya Unicode. Khanda ta anapatsidwa nambala yakeyake, U+09CE, mu 2005. Chisanafike chaka chimenecho, ankalembedwa polumikiza zinthu zitatu: chilembo ta, kachizindikiro ka hasanta kochotsa "a", ndi ZWJ, kachizindikiro kosaoneka kowuza kompyuta momwe zilembo zoyandikana zionekere. Motero উৎসব wolembedwa mwatsopano ali ndi manambala 4, pomwe wolembedwa mwachikale ali ndi 6. Maso akhoza kuona mawu amodzi, koma kompyuta imaona awiri. Kuwerenga manambalawo ndiyo njira yodziwira kuti vuto lili pati.

Unicode ili nayo njira yofananitsira zolemba, yotchedwa NFC. Ndi yomwe imachititsa kuti ŵ wathu akhale mmodzi, kaya walembedwa wathunthu kapena ngati w ndi kachipewa kake padera. Pa Chibengali imalumikiza bwino zidutswa ziwiri za ো. Koma khanda ta wakale ndi watsopano sanalembetsedwe ngati ofanana, choncho NFC imangowadutsa.

Apa ndi pomwe okonza mapulogalamu ena amalakwitsa, pochotsa ZWJ aliyense poganiza kuti chosaoneka chilibe ntchito. Akatero, ta wa mu উৎসব wakale amasiya kukhala khanda ta, ndipo kalembedwe kachitatu kamabadwa. Choipa kwambiri n'chakuti ZWJ ali ndi ntchito ina. Iye ndi amene amasunga ra ali wathunthu m'mawu obwereka oyamba ndi র‍্যা. Akachotsedwa, ra amasanduka kamzere kokhala pamwamba pa chilembo chotsatira, ndipo mawuwo amalembeka molakwika.

Mankhwala ake ndi kuyamba ndi NFC, kenaka kusintha zitatu zija zokha, monga mu Python:

```
import unicodedata
s = unicodedata.normalize("NFC", s)
s = s.replace("\u09A4\u09CD\u200D", "\u09CE")
```

Izi ziyenera kuchitika pa zolemba zosungidwa komanso pa mawu omwe munthu akufufuza. Mbali imodzi ikasiyidwa, dzina la munthu lokhala ndi khanda ta likhoza kusowabe m'kaundula momwe linalembedwa kale.