Bala losapweteka la mayi wa tomato

Mayi wina wa zaka za m'ma 50 ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Limbe. Ankafika m'mamawa kudzapikula, n'kuima pabenchi mpaka dzuwa kulowa, kumapazi kuli mapatapata. Tsiku lina akusamba anaona thuza pansi pa chala chachikulu cha phazi lakumanja. Analiboola ndi singano, nalimanga ndi kansalu kong'amba kuchitenje chakale. Silinkapweteka, choncho m'mawa anabwerera kumsika monga mwa masiku onse.

Patatha masabata awiri thuza lija linali litasanduka bala, ndipo m'mbali mwake munayamba kuda. Mnzawo wogulitsa usipa anati mwina aponda mankhwala a munthu wanjiru, wina anawapatsa makapusozi kuti azitsegula n'kuthira ufa wake pabalapo. Zakuchipatala mayiwa anaziganizirapo, koma tsiku lathunthu pamzere limatanthauza tomato kuwola ndi ana kugona ndi njala. Komanso munthu amapita kuchipatala akamva ululu, ndipo iwo sankamva chilichonse.

Amene anaona ndi namwino wina, kasitomala wawo, yemwe anadzera pamsika atawerukako kuntchito. Atawerama kuti asankhe tomato anaona ntchentche zitaunjikana pakansalu kaja, ndipo fungo linamupeza.

"Amayi, phazili latani?"

"Kabala chabe, mwanawe. Sikapweteka n'komwe."

"Kusapwetekako ndi kumene kukundiopsa. Usiku mumadzuka kangati kukataya madzi?"

Mayi aja anayamba aseka, kenako anavomera kuti amadzuka pafupipafupi, kuti ludzu silikutha, kuti thupi lakhala likutsika ngakhale akudya bwino. Anatinso kumapazi kumachita dzanzi, mwina kuotcha usiku. Namwinoyo anamasula kansaluko, nagunda phazi lodwalalo ndi kunja kwa dzanja lake, kenako linzakelo. Lodwalalo linali lotentha ndi lotupa. "Benchili musiyire mnzanu. Tipite lero lomwe, osati mawa."

Namwinoyu ankaganizira matenda a shuga. Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka, amawononga mitsempha imene imatithandiza kumva, ndipo amayambira kumitsempha yaitali kwambiri, ya kumapazi. Ululu ndi umene umatichititsa kuvula nsapato yothina kapena kuzula munga. Ukasowa, munthu amaponda pabala tsiku lonse, thupi lonse likutsamira pamalo amodzimodziwo, ndipo bala limaloweralowera m'kati. Shuga yemweyo amachepetsanso njira za magazi opita kuphazi ndi kufooketsa chitetezo cha thupi, kotero bala limachedwa kupola pamene tizilombo tikuchulukana msanga. Pamene magazi asiya kufika, mnofu umafa n'kuda. Mnofu umene wada chifukwa chakufa subwereranso, ngakhale utapakidwa mankhwala otani.

Pali chinthu china chimene chimatisokoneza ife akhungu lakuda. Malangizo ambiri amati bala likalowa tizilombo khungu limafiira, koma pakhungu lathu kufiirako nthawi zambiri sikuoneka bwino. Chimene chimaoneka ndi khungu kuderapo kapena kunyezimira. N'chifukwa chake namwino uja anayerekeza mapazi awiriwo ndi dzanja. Kutentha, kutupa, mafinya ndi fungo n'zodalirika kuposa mtundu wokha. Phazi lozizira kwambiri kuposa linzake nalonso n'loopsa, chifukwa likusonyeza kuti magazi sakufika.

Kuchipatala anawabaya kuchala cha kudzanja, nadonthezera magazi pakapepala ka makina oyezera shuga. Makinawo anaonetsa 340. Kwa munthu amene ali ndi zizindikiro ngati zawo, 200 kapena kupitirira, nthawi ina iliyonse ya tsiku, amasonyeza matenda a shuga. Kwa munthu amene wagona osadya mpaka m'mawa, malire ndi 126. Makina ena amawerenga mwa muyeso wina, ndipo pamenepo manambala omwewa amakhala 11.1 ndi 7. Mayiwa anali asanayezetsepo shuga moyo wawo wonse, ndipo sali okha: kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi anali ndi matendawa, ndipo ambiri amazindikira mochedwa chonchi.

Dokotala anawauza kuti atsinzine, nawagunda pansi pa phazi ndi kachingwe kapulasitiki kopyapyala, malo angapo. Sanamve paliponse. Kenako anafufuza kugunda kwa magazi pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo wa m'kati. Kunamveka, ndipo uwu ndiwo unali mwayi wawo, chifukwa phazi limene magazi akufikabe lingathe kupola. Koma atalowetsa kachitsulo m'balamo kanakagunda fupa, ndipo ekisire inaonetsa kuti fupa la chalacho ladyeka.

Anawagoneka. Anachotsa mnofu wonse wakufa, nawapatsa mankhwala opha tizilombo kudzera mumtsempha ndi jakisoni wa insulini wotsitsa shuga. Chala chachikulu chinadulidwa. Phazi linatsala. Akanadikira masabata ena, matendawo akanakwera, ndipo nthawi zambiri zikatero mwendo umadulidwa pansi pa bondo kapena pamwamba pake. Tizilombo tikalowa m'magazi munthu amatha kufa.

Chovuta kwambiri kwa mayiwa chinali lamulo loti asaponde phazilo mpaka lipole. Bala la pansi pa phazi silipola munthu akamaliponda, ngakhale mankhwala ali abwino. Kwa munthu wodya zimene wagulitsa tsiku lomwelo, lamuloli ndi lolemera, ndipo ine ndimaona kuti apa mpamene abale ndi anzake a pamsika ayenera kulowererapo. Benchi la mayiwa anaimapo mwana wawo wamkazi kwa miyezi ingapo. Atabwerera anayamba kugulitsa atakhala pampando, atavala nsapato zotseka, zotakasuka kutsogolo, ndi masokosi.

Si bala lililonse lakuda limene limachokera ku shuga. Khate nalo limachititsa dzanzi ndi zilonda za kumapazi, ndipo pali khansa ya pakhungu imene imayamba ngati mawanga akuda kumiyendo, makamaka kwa anthu amene ali ndi HIV. Kusuta fodya kumatsekanso njira za magazi. Kusiyanitsa zonsezi ndi ntchito ya achipatala, sizitheka kunyumba kapena pamsika.

Zimene mayiwa anaphunzitsidwa potuluka n'zoti aliyense wa shuga angazikwanitse. Madzulo aliwonse amayang'ana mapazi onse awiri, pansi ndi pakati pa zala, ndi galasi kapena mothandizidwa ndi mwana. Madzi osamba amayamba awayesa ndi chigongono, chifukwa phazi ladzanzi limapsa mwini wake osadziwa, ndipo pa chifukwa chomwechi sawotha mbaula mapazi ali pafupi ndi makala m'nyengo yozizira. Amapukuta bwino pakati pa zala, amadzola mafuta ku zidendene kuti zisang'ambike, koma osati pakati pa zalazo. Asanavale nsapato amapisamo dzanja kufufuza kamwala kapena msomali. Khungu lolimba salisenga ndi lezala, ndipo sayenda opanda nsapato ngakhale pakhonde.

Ngati inu kapena kholo lanu muli ndi bala la kuphazi limene latha sabata osasintha, pitani mukayezetse shuga. Ngati mukudziwa kale kuti muli ndi shuga, bala lililonse, ngakhale thuza, likaonedwe kuchipatala pasanathe tsiku. Likayamba kuda, kununkha, kutupa, kapena thupi likatentha, nyamukani nthawi yomweyo, kaya likupweteka kaya ayi.