Kodi mumadziwa? Chifukwa chake VHS inagonjetsa Betamax

Mu 1975 kampani ya ku Japan ya Sony inatulutsa Betamax, makina oonetsera mafilimu a pakaseti. Mu 1976 kampani ya JVC inabweretsa VHS. Kaseti ya mtundu wina sinkagwira ntchito m'makina a mtundu winawo.

Poyamba kaseti ya Betamax inkajambula ola limodzi, pomwe ya VHS inkafika maola awiri, okwanira mafilimu ambiri. JVC inalolanso makampani ambiri kupanga makina a VHS, mitengo nkutsika.

Kutsogola pang'onoko kunakula kokha. Mwini sitolo yobwereketsa mafilimu ankadzaza mashelufu ndi makaseti omwe anthu ambiri akanatha kuonera kunyumba. Wofuna makina, akaona mashelufuwo, ankagula VHS, ndipo aliyense wogula ankapatsa masitolo chifukwa china choonjezera makaseti a VHS. Chomvetsa chisoni n'chakuti amene anagula Betamax ankapeza mafilimu akucheperachepera ngakhale makina ake anali abwinobwino. Mu 1988 Sony nayo inayamba kugulitsa makina a VHS.

Msika supendekera mbali imodzi chotere ngati zinthu za makampani osiyana zimagwirizana. Uthenga wochokera ku Gmail umafika ku Outlook popanda vuto, choncho makampani otumiza imelo adakali ambiri.