Desimali Yosatha ndi Ngongole ya Pamwezi: Samu Yake ndi Imodzi

Mukagawa 3 ndi 11 pa kakyuleta, mumapeza 0.272727..., ndipo 27 ameneyu amangobwerezabwereza osaleka. Ophunzira a chaka choyamba kuyunivesite amakumana ndi nambala yotereyi pamutu wa mndandanda wa jiyometiriki. Umenewu ndi mndandanda wa manambala ophatikizidwa, pomwe nambala iliyonse imapezeka pochulukitsa yapambuyo pake ndi nambala imodzimodzi yotchedwa r.

Tiyeni tiiphwanye. 0.272727... ndi 27/100 + 27/10,000 + 27/1,000,000, mpaka kalekale. Gawo loyamba, a, ndi 27/100, ndipo r ndi 1/100. Popeza r ndi wochepera 1, magawowa amanka nachepa, ndipo onse pamodzi amakwana S = a/(1 − r). Apa tipeza 27/99, yomwe ndi 3/11 ija.

Samu yomweyi ndi imene imagwira ntchito pa ngongole. Tinene kuti mwakongola K100,000 pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti pamwezi, chowerengedwa pa ndalama yotsala, ndipo mudzabweza ndalama yofanana, P, pakutha pa mwezi uliwonse kwa miyezi itatu. Ndalama ya mawa siilingana ndi ya lero. P ya mwezi woyamba, pa mtengo wa lero, ndi P/1.05, ya mwezi wachiwiri tiigawa ndi 1.05 kawiri, yachitatu katatu. Apa r ndi 1/1.05, koma mndandandawu umathera pa gawo lachitatu, choncho timagwiritsa ntchito S = a(1 − rⁿ)/(1 − r). Magawo atatuwo ndi pafupifupi 0.9524, 0.9070 ndi 0.8638, ndipo pamodzi akwana 2.7232. Tikagawa K100,000 ndi nambala imeneyi, P ikhala pafupifupi K36,721.

Musangokhulupirira, yesani nokha. Mwezi woyamba ngongole ikwera kufika K105,000. Mukalipira, patsala K68,279. Mwezi wachiwiri ikwera kufika K71,693, patsala K34,972. Wachitatu ifika K36,721, ndipo mukalipira yatha. Ngati pamapeto patsala ndalama yambiri, ndiye kuti penapake palakwika, ndipo kawirikawiri wophunzira amakhala ataika chiwongoladzanja cha pachaka pamalo pa cha pamwezi.

Chimene chimandikondweretsa kwambiri ndi ichi: nanga ngongoleyo itakhala yosatha ngati desimali ija? Pamenepo a/(1 − r) ikupereka 20, ndipo P ikhala K5,000. Imeneyi ndi chiwongoladzanja chokhachokha. Mwezi ndi mwezi mukulipira, koma K100,000 ija ili pomwepo.

Wokongoza wina amawerengera 5 peresenti pa K100,000 yonse miyezi itatu yonseyo, ngakhale mwabweza kale ina. Kumeneko mudzalipira K38,333 pamwezi, K115,000 yonse pamodzi, m'malo mwa pafupifupi K110,163. Musanasayine pepala la ngongole, funsani ngati chiwongoladzanjacho chikuwerengedwa pa ndalama yotsala kapena pa yonse imene munatenga.