Chigayo chodzaza ndi anthu chingathe kudya mpamba mwakachetechete

Aliyense amene anakapemphapo ngongole ya bizinesi kubanki amadziwa pepala lija losonyeza ndalama zimene zizilowa ndi kutuluka zaka zikubwerazo. Nthawi zambiri pepalalo limakhala lokongola, chifukwa mwiniwake amalemba zimene akulakalaka. Koma nambala iliyonse pamenepo ndi yongoganizira. Akatswiri a zachuma sakhutira ndi funso lakuti phindu lidzakhala lochuluka bwanji. Amafunsanso kuti zinthu ziyenera kuipa kufika pati kuti ntchitoyo ikhale yotaya ndalama. Pali njira zitatu zoyankhira funsoli, ndipo zonse zimatifikitsa pa chinthu chimodzi, chomwe ndi kukula kwa ndalama zimene bizinesi imalipira kaya yagulitsa kaya sinagulitse.

Tiyeni titenge chitsanzo cha chigayo chamagetsi. Manambala ake ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, ndipo msonkho tausiya pambali. Tinene kuti makina, nyumba ndi kulumikiza magetsi zadya K24 miliyoni, ndipo makinawo agwira ntchito zaka zisanu. Kugaya ndowa imodzi ya chimanga ndi K1,000. Pa ndowa iliyonse, K400 imapita ku magetsi, sefa, mahamala ndi malamba. Izi ndi zolipira zoyendera limodzi ndi ntchito: chigayo chikaima, nazonso zimaima. Choncho ndowa iliyonse imasiya K600. Palinso zolipira zosasintha, monga malipiro a ogaya ndi mlonda, lendi ya malo ndi chiphaso cha kukhonsolo, zokwana K6 miliyoni pachaka.

Mwini chigayo akuyembekeza kugaya ndowa 100 patsiku kwa masiku 300, kutanthauza ndowa 30,000 pachaka. Ndowazi zisiya K18 miliyoni, ndipo tikachotsa K6 miliyoni ija, m'manja mutsala K12 miliyoni chaka chilichonse.

Pa zaka zisanu zimenezi ndi K60 miliyoni, koma ndalama ya mawa siyifanana ndi ya lero. Mpamba uli ndi mtengo wake, kaya ndi chiwongoladzanja cha ngongole kapena phindu limene munthu akanapeza atauika kwina. M'chaka cha 2024 banki yayikulu ya Reserve inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndiye sitikukokomeza tikatenga 25 peresenti. Pa mlingo umenewu, K12 miliyoni yolowa chaka ndi chaka kwa zaka zisanu ikufanana ndi K32.3 miliyoni ya lero. Tikachotsa mpamba wa K24 miliyoni, patsala K8.3 miliyoni. Nambala imeneyi ndiyo phindu lenileni la ntchito yonse pa mtengo wa lero, ndipo mabuku a zachuma amailemba mwachidule kuti NPV. Ikakhala pamwamba pa ziro, ntchitoyo ndi yoyenera kuichita.

Kugwedeza nambala imodzi imodzi

Njira yoyamba ndi yosavuta. Mumasintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse n'kuzisiya momwe zilili, kenako n'kuona mmene phindu lija lasunthira. Tiyeni tiipitse chinthu chilichonse ndi 10 peresenti.

Zolipira zosasintha zikakwera chotero, K8.3 miliyoni ija itsika kufika pa K6.7 miliyoni. Magetsi ndi zipangizo zikadula, ifika pa K5 miliyoni. Ogayitsa akachepa n'kugaya ndowa 27,000 zokha, patsala K3.4 miliyoni. Koma mtengo wogayira ukatsika kuchoka pa K1,000 kufika pa K900, phindu lonse likutha, patsala pafupifupi K200,000 basi.

Zotsatirazi zikuuza mwini chigayo kumene ayenera kuika maso. Ambiri amataya nthawi kukangana ndi mwini malo pa za lendi, pomwe choopsa chenicheni ndi munthu wina amene angatsegule chigayo pamsika womwewo n'kutsitsa mtengo ndi K100. Mtengo umapweteka kuposa kuchepa kwa makasitomala pa chifukwa chomveka. Ogayitsa akachepa, bilu ya magetsi nayo imachepa, koma mtengo ukatsika, makina amadya magetsi omwewo ndipo K100 yonseyo imachoka pa K600 ija.

Mavuto sabwera limodzi limodzi

Njira yoyambayi ili ndi chofooka chake. Imayesa ngati zinthu zimasintha pachokhapachokha, pomwe m'moyo zimakokana. A chigayo m'Malawi muno anaziona zimenezi posachedwapa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunatenga miyezi yambiri. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, zipangizo zochokera kunja n'kudula. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Chimanga chikasowa, ogayitsa amachepa, eni zigayo amayamba kulimbirana ochepa otsalawo, ndipo nthawi yomweyo antchito amafuna malipiro okwera chifukwa chakudya chadula.

N'chifukwa chake njira yachiwiri imamanga nkhani yathunthu, n'kusintha manambala angapo nthawi imodzi mogwirizana. Mu nkhani yoipa, tinene kuti ndowa zatsika kufika pa 24,000, mtengo uli pa K950, zoyendera ntchito zafika pa K450, ndipo zosasintha zakwera kufika pa K6.5 miliyoni. Ndowa iliyonse tsopano ikusiya K500, pachaka pakutsala K5.5 miliyoni, ndipo ntchito yonse ikutaya K9.2 miliyoni. Mu nkhani yabwino, ya zokolola zambiri ndi magetsi osavuta, ndowa 34,000 zibweretsa phindu la K14.7 miliyoni.

Onani kuti mu nkhani yoipayo palibe chimene chasintha modabwitsa, koma zonse pamodzi zagwetsa ntchito. Dziwaninso kuti nkhanizi sizinena kuti iti ndiyo ichitike. Kutenga zaka zonse zisanu ngati zoipa n'kukokomeza dala, kuti mwini mpamba aone pansi pa dzenje ndi kudzifunsa ngati angapirire.

Ndowa zingati kuti tisaluze?

Njira yachitatu imatembenuza funso. M'malo mofunsa phindu, imafunsa ndowa zochepetsetsa zimene chigayo chiyenera kugaya. Apa m'pamene ambiri amapusitsika, chifukwa mayankho alipo atatu.

Loyamba ndi la ndalama zam'manja. Kuti mulipire K6 miliyoni ya zosasintha ndi K600 ya ndowa iliyonse, mufunika ndowa 10,000 pachaka, zoposa pang'ono 33 patsiku. Pamenepa antchito alipidwa, magetsi sadulidwa, koma mpamba sukubwerera ngakhale tambala.

Lachiwiri ndi la m'mabuku a akauntanti. Iwo amagawa mtengo wa makina pa zaka zisanu, K4.8 miliyoni pachaka, ngati kutha kwa makinawo. Zosasintha zonse zimakhala K10.8 miliyoni, zomwe zifuna ndowa 18,000 pachaka kapena 60 patsiku. Pamenepa mabuku saonetsa phindu kapena kuluza. Mpamba ubwerera pakutha pa zaka zisanu, koma wopanda chiwongoladzanja chilichonse.

Lachitatu ndilo lenileni. Kuti K24 miliyoni ibwerere pamodzi ndi 25 peresenti yake, pafunika K8.9 miliyoni chaka chilichonse. Tikaphatikiza ndi K6 miliyoni ija n'kugawa ndi K600, tipeza ndowa pafupifupi 24,900 pachaka, kapena 83 patsiku.

Pakati pa 60 ndi 83 ndi pamene pali msampha. Chigayo chogaya ndowa 70 patsiku chimaoneka chamoyo. Amayi amakhala pamzere, mabuku amaonetsa phindu, mwiniwake amatchedwa bwana. Koma munthuyu akusauka pang'onopang'ono, chifukwa ndalama zolowa sizikukwana mtengo wa mpamba wake. Amadzazindikira makina atatha, ngongole ikadalipo.

Chimene chimakulitsa kugwedezeka

N'chifukwa chiyani kuchepa pang'ono kwa ogayitsa kumadya phindu lalikulu chotere? Yankho ndi zolipira zosasintha. Zili ngati mtanda wotukulira mwala: mukasuntha pang'ono mbali imodzi, mbali inayo imayenda kwambiri. Mphamvu imeneyi ili ndi muyeso wake, umene mabuku amaulemba kuti DOL. Mumatenga ndalama zonse zimene ndowa zasiya, n'kuzigawa ndi phindu lotsala mutachotsa zosasintha zonse.

Pa chigayo chathu, ndowa zasiya K18 miliyoni, ndipo phindu la m'mabuku ndi K7.2 miliyoni. Kugawa kwake kukupereka 2.5. Tanthauzo lake n'lakuti malonda akasintha ndi 1 peresenti, phindu lisintha ndi 2.5 peresenti. Yesani nokha: ndowa zikatsika ndi 10 peresenti kufika pa 27,000, phindu likutsika kuchoka pa K7.2 miliyoni kufika pa K5.4 miliyoni, komwe ndi kutsika ndi 25 peresenti. Malonda akakwera, phindu limalumphanso chimodzimodzi.

Muyesowu sukhala malo amodzi. Umakula bizinesi ikamayandikira malire a kuluza. Chigayo chomwecho chikamagaya ndowa 20,000, phindu limakhala K1.2 miliyoni ndipo muyeso umafika pa 10. Pamenepo kuchepa kwa 10 peresenti kokha kumafafaniza phindu lonse. Mukagawa 1 ndi muyesowu, mumapeza mtunda umene watsala kuti mufike pamalirewo. Pa 2.5 mtundawo ndi 40 peresenti, womwe ndi kusiyana kwa ndowa 30,000 ndi 18,000.

Mwini bizinesi angathe kuchepetsa mphamvuyi asanayambe n'komwe. Tinene kuti wagwirizana ndi mwini malo komanso ogaya kuti K3 miliyoni ya zosasintha isanduke K100 pa ndowa iliyonse. Pa ndowa 30,000 phindu likhala lomwelo la K7.2 miliyoni, koma muyeso utsika kufika pafupifupi 2.1, ndipo malire a m'mabuku atsika kufika pa ndowa 15,600. Chitetezochi sichaulere. M'chaka chabwino cha ndowa 34,000 apeza K9.2 miliyoni m'malo mwa K9.6 miliyoni, koma m'chaka cha ndowa 24,000 apeza K4.2 miliyoni m'malo mwa K3.6 miliyoni.

Pali cholakwika chimodzi choyenera kusamala nacho pa masamu onsewa. M'chitsanzochi tasiya mitengo osasintha kwa zaka zisanu pofuna kuphweketsa nkhani. Pa ntchito yeniyeni, ngati chiwongoladzanja chimene mwatenga chili ndi kukwera mitengo kwa zinthu m'kati mwake, mtengo wogayira ndi zolipira nazo muziziwerengera zikukwera. Mukasakaniza ziwirizi, ntchito yabwino ingaoneke yoipa.

Choncho musanasayine ngongole, kaya ndi ya chigayo, minibasi kapena khola la nkhuku, pezani manambala atatu: chinthu chimene chikasuntha pang'ono chimadya phindu kwambiri, malonda apatsiku amene abweze mpamba pamodzi ndi mtengo wake, ndi muyeso wa zolipira zanu zosasintha. Kenako pitani pamalopo mukawerenge nokha anthu amene akugayitsa, kukwera kapena kugula, m'nyengo yokolola komanso m'miyezi ya njala. Ngati chiwerengerocho chikungoyandikira malire, chepetsani zolipira zosasintha kapena musabwereke ndalamazo.