Kukonza Kalata ya Msonkho Imene Inatumizidwa Kale

Munthu amene amapeza ndalama m'njira zingapo amayenera kulembera bungwe lotolera misonkho la MRA kalata yonena zonse zimene anapeza m'chaka. Koma nthawi zina, kalatayo itapita kale, mwini wake amakumbukira kuti sanalembemo ndalama zina, monga za lendi ya nyumba, za chigayo kapena za kantini. Kalata yotere ingathe kukonzedwa, ndipo wofulumira kuikonza ndiye amene amalipira zochepa.

Ambiri amaganiza kuti ndalama zoiwalikazo zikakhala zochepa zilibe msonkho. Apa ndi pamene amasokera. Boma siliwerengera msonkho pa malipiro paokha ndi pa lendi payokha ayi, koma limaphatikiza zonse zimene munthu anapeza m'chaka. Gawo la ndalama losakhomedwa msonkho limaperekedwa kamodzi kokha, ndipo kwa munthu wa pa ntchito gawolo limakhala litathera kale pa malipiro ake. Motero ndalama zoiwalika zija zimakhala pamwamba, ndipo msonkho umazigwira kuyambira pa kwacha yoyamba.

Nachi chitsanzo cha chaka cha msonkho chimene chinayamba pa 1 Epulo 2024 ndi kutha pa 31 Malichi 2025. M'chakacho K150,000 yoyamba ya mwezi uliwonse inalibe msonkho, ndiye kuti K1,800,000 pa chaka. Ndalama zopitirira pamenepa, kufikira K500,000 pa mwezi, zinkakhomedwa K25 pa K100 iliyonse.

Mphunzitsi wina ankalandira K300,000 pa mwezi, ndiyo K3,600,000 pa chaka. Msonkho wake unali K450,000, ndipo unkadulidwa ku malipiro mwezi ndi mwezi. Iye anali ndi nyumba ina pafupi ndi msika imene munthu wogonamo ankalipira K50,000 pa mwezi, koma polemba kalata ya msonkho anaiwala za nyumbayo.

Pokonza, ayambe waonkhetsa lendi ya chaka chonse, ndiyo K600,000. Pamenepa achotsepo ndalama zimene anawononga pokonza nyumbayo. Iye anasintha malata odontha ndi chitseko chothyoka pa mtengo wa K100,000, ndipo malisiti anasunga. Zotsala ndi K500,000. Koma akadamanga chipinda chatsopano sakadachotsa mtengo wake, chifukwa kumeneko si kukonza chowonongeka koma kukulitsa chuma. Tsono K500,000 ija, pokhala pamwamba pa malipiro, ikhomedwa K25 pa K100 iliyonse, ndipo msonkho wotsalira ndi K125,000.

Pali chinthu chinanso chofunika kufufuza. Ngati wogona m'nyumba ali kampani kapena bungwe, kawirikawiri amadula msonkho pa lendi asanalipire, napatsa mwini nyumba chikalata cha umboni. Zikatero, mwini nyumba alembe lendi yonse monga inalili isanadulidwe, osati zimene analandira m'manja zokha. Pambuyo pake ndalama zodulidwazo zidzachotsedwa pa msonkho wotsalira uja. Wotaya chikalata chimenechi apemphe china kwa amene anadula, pakuti popanda umboni n'kovuta kumuchotsera.

Akatha kuwerengera, mwini msonkho adziwitse ofesi ya MRA imene imasunga mbiri ya msonkho wake. Alembe kalata yotchula nambala yake ya msonkho, yotchedwa TPIN, chaka chimene akukonza, ndalama zimene zinatsala ndi chifukwa chake. Aphatikizepo makope a malisiti ndi mapangano a lendi, koma zikalata zenizeni asunge yekha. Asangotumiza kalata ina ya msonkho mwakachetechete ngati kuti yoyamba ija kulibe. Asaikenso lendi ya chaka chatha m'kalata ya chaka chino, chifukwa ndalama iliyonse imawerengedwa m'chaka chake. Ngati nyumbayo inayamba kulowetsa ndalama zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, chaka chilichonse chikonzedwe pachokha.

Akuluakulu a msonkho akaona zonse amatumiza chidziwitso cha msonkho woonjezera. Mwini wake ayerekeze chidziwitsocho ndi masamu ake. Akaona kuti chalakwika, lamulo limamupatsa masiku 30 oti adandaule mwa kulemba kalata yofotokoza zifukwa zake.

Kukonza sikufafaniza kuchedwa. Msonkho wolipidwa nthawi itapita umakhala ndi chiwongoladzanja, chimene chimakula miyezi ikamapita, ndipo pangakhalenso chilango. Komabe mlandu wa munthu wodziulula yekha ndi wopepuka kusiyana ndi wa iye amene wapezeka ndi ofufuza mabuku. Wochititsa lendi kwa kampani asayese kuti za nyumba yake n'zobisika, pakuti kampaniyo potumiza msonkho wodula uja imatchula dzina la mwini nyumba.

Akalipira, asunge lisiti pamodzi ndi kope la kalata yake ija. Ndipo ndi nzeru kukhala ndi kabuku kolembamo lendi ya mwezi uliwonse pa tsiku lomwe yalowa, kuti polemba kalata ya chaka chotsatira pasadzatsale kanthu.